Lendi ya K360,000, anthu atatu, malipiro osiyana: tigawane bwanji?

Tinali akazi atatu m'nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 ku Lilongwe, lendi yake K360,000 pa mwezi. Ine ndinkagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo ndalama yolowa m'manja inali K600,000. Wachiwiri anali namwino, wolandira cha m'ma K400,000. Wachitatu anali mtsikana wongomaliza kumene ku koleji, amene ankaphunzira ntchito pa kampani ina uku akuphika makeke a maoda. Akaphatikiza zonse, mwezi wabwino ankapeza K200,000.

Miyezi inayi yoyamba tinkangogawa chilichonse patatu. Palibe amene ankadandaula poyera, koma mwezi wachisanu namwino uja anayamba kutsekera ketulo yake kuchipinda, ndipo wamakeke anayamba kuchedwetsa lendi mpaka pa 10. Ndiye tinakhala pansi n'kuyesa njira zingapo. Zimene ndinaona n'zakuti vuto lathu linali kufuna lamulo limodzi loti ligwire pa zonse, pomwe lendi, magetsi ndi madzi zimadyedwa mosiyana. Lendi imatsata chipinda, magetsi amatsata zipangizo, madzi amatsata mitu ya anthu. Za kusiyana kwa malipiro ndi nkhani ina payokha, ndipo mukaisakaniza ndi zinazi mumasokoneza zonse.

Lendi: kugawa mofanana

Apa aliyense amapereka K120,000. Ubwino wake palibe masamu, palibe kufunsana za malipiro, ndipo aliyense ali ndi mawu ofanana m'nyumba. Ngati zipinda zili zofanana ndipo mumapeza ndalama zosasiyana kwambiri, musadzivutitse ndi njira zina, imeneyi ikukwanirani.

Kwathu sizinali choncho. Chipinda changa chinali cha mamita 4 m'litali, 4 m'lifupi, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chakechake. Cha namwino chinali 4 ndi 3, kuseri kwa nyumba. Cha wamakeke chinali kachipinda ka 3.2 ndi 2.5, zenera lake loyang'ana kumsewu, koti ukaika bedi ndi sutikesi basi kadzaza. Mwana ameneyu ankalipira mtengo wofanana ndi wanga pa chipinda cha theka la changa, ndipo K120,000 imeneyo inali 60 peresenti ya ndalama zake, pomwe kwa ine inali 20 peresenti. Ndikanena zoona, miyezi inayi yonseyo iye ndi amene ankandilipirira bafa.

Lendi: kutengera kukula kwa chipinda

Njira imeneyi imafuna tepi yoyezera ndi pepala. Anthu ambiri amailakwitsa pogawa lendi yonse molingana ndi kukula kwa zipinda, n'kuiwala kuti pabalaza, khitchini, khonde ndi pabwalo poyanika zovala ndi za aliyense mofanana. Kachitidwe kabwino n'kudula lendi pawiri. Theka loyamba, K180,000, ndi la malo a tonse, ndiye aliyense K60,000. Theka linalo ligawidwe potsata zipinda. Mukachulukitsa m'litali ndi m'lifupi, zipinda zathu zinali 16, 12 ndi 8, pamodzi 36. K180,000 kuigawa ndi 36 ikupereka K5,000. Ndiye chachikulu K80,000, chapakati K60,000, chaching'ono K40,000. Kuphatikiza ndi K60,000 ija, ine K140,000, namwino K120,000, wamakeke K100,000.

Masamu ake ndi oonekera, ndipo munthu akatuluka m'nyumba, wolowa m'malo mwake amapeza mtengo wa chipinda uli kale. Chofooka chake n'chakuti tepi siyeza phokoso la minibasi za m'mawa, siyeza bafa la m'kati, siyeza khoma lomwe limachita chinyontho nthawi ya dzinja, kapena chipinda chomwe chimatentha ngati uvuni mu Okutobala. Mukayamba kuonjezera kuti bafa likhale K15,000, phokoso tichotsere K5,000, mwabwereranso pa kukangana, chifukwa manambala amenewo aliyense ali ndi ake.

Lendi: aliyense atchule mtengo wake

Iyi ndi imene inatithandiza, ndipo ndiikhalira pang'ono chifukwa anthu ambiri saidziwa.

Aliyense amatenga kapepala n'kulemba mobisa mtengo umene iyeyo akuona kuti chipinda chilichonse chikuyenera. Lamulo ndi limodzi: mitengo itatuyo ikaphatikizidwa ikwane lendi yonse, K360,000. Kenako mumatsegula mapepala nthawi imodzi. Athu anatuluka chonchi:

| | Chachikulu | Chapakati | Chaching'ono |
|---|---|---|---|
| Ine | K150,000 | K115,000 | K95,000 |
| Namwino | K130,000 | K135,000 | K95,000 |
| Wamakeke | K135,000 | K120,000 | K105,000 |

Chipinda chimapita kwa amene wachipatsa mtengo waukulu. Chachikulu chinagwera ine pa K150,000, chapakati namwino pa K135,000, chaching'ono wamakeke pa K105,000. Zitatuzi pamodzi ndi K390,000, kutanthauza kuti zapitirira lendi ndi K30,000. Yapamwambayo mumaigawa mofanana n'kuchotsera aliyense K10,000. Mapeto ake ine K140,000, namwino K125,000, wamakeke K95,000.

Taonani mzere wa namwino. Iye anaika chipinda chapakati pamwamba pa chachikulu. Nditamufunsa anati, "Asisi, ine ndikachoka ku naiti ndimagona masana. Bafa lanulo lilibe nane ntchito. Chomwe ndimafuna n'choti ana a aneba akamasewera mpira kutsogoloku ndisawamve." Tepi sikanatiuza zimenezo. Ndipo chosangalatsa n'chakuti aliyense analipira ndalama yochepera ndi K10,000 pa imene analemba yekha ndi dzanja lake, ndiye panalibe woti anganene kuti amukakamiza.

Njirayi ili ndi malire ake. Nthawi zina munthu mmodzi amapambana zipinda ziwiri. Zikatero yesani kagawidwe kalikonse kotheka, komwe kwa anthu atatu ndi 6 kokha, n'kusankha kamene mitengo yake ikaphatikizidwa ikupereka ndalama yochuluka. China, wochenjeretsa akhoza kulemba mtengo wotsika dala pa chipinda chimene akuchifuna kuti alipire zochepa. Chomuletsa n'chakuti akatsitsa kwambiri chipindacho chimulandidwa, ndiye muyenera kugwirizana musanalembe kuti zotsatira zake mudzazitsata ngakhale zitafuna kusamutsa mabedi. Ngati aliyense akudziwa kale kuti sasuntha, mapepalawo ndi masewera chabe.

Mukapeza manambala, musawasunge ngati ndalama zokha, sungani magawo ake. Amene anachitapo lendi kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa mmene makalata okweza lendi anayendera miyezi yotsatira. Eni nyumba akakweza ndi 20 peresenti, kuchoka pa K360,000 kufika pa K432,000, aliyense akwere ndi 20 peresenti pa gawo lake: K168,000, K150,000 ndi K114,000. Mukagawa K72,000 yoonjezerayo mofanana, wa kachipinda kakang'ono amasenza zambiri, ndipo akakweza kawiri katatu mupeza mukubwerera pang'onopang'ono ku kugawa mofanana kuja osadziwa.

Nanga kutengera malipiro?

Papepala njira imeneyi imaoneka yachifundo kuposa zonse. Tonse pamodzi tinkapeza K1,200,000, ndipo lendi inali 30 peresenti ya ndalamayo. Aliyense akapereka 30 peresenti ya zake, ine K180,000, namwino K120,000, wamakeke K60,000. Katundu akulemera mofanana pa mutu uliwonse.

Kwa anthu apabanja, kapena pachibale pamene mkulu akusunga mng'ono wake, imagwira bwino, chifukwa thumba lawo ndi limodzi kale. Kwa anthu ongokhalira limodzi ine sindiilimbikitsa, ndipo zifukwa zake ndinaziona ndekha.

Choyamba ndi funso lakuti malipiro ndi ati. Namwino uja ankalandira K400,000, koma ankalipirira fizi abale ake awiri kumudzi ndipo ankadulidwa ngongole mwezi ndi mwezi. Ine ndinalibe wondidalira. Tiwerengere yolembedwa pa kapepala ka malipiro, kapena yotsala munthu akathana ndi akwawo? Mukangotsegula khomo limenelo mumayamba kuweruzana kuti ngongole iyi inali yofunika, iyo inali ya zovala. Wamakeke naye ndalama yake inkasintha: Disembala maukwati ndi maphwando, Febuluwale zii. Kodi azitionetsa mameseji a Airtel Money ndi Mpamba mwezi uliwonse?

Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Munthu amene akulipira theka la lendi, ngakhale akhale wofatsa bwanji, amayamba kudziona ngati mwini nyumba. Rimoti imakhala yake, alendo ake amagona pabalaza osapempha, ndipo wolipira zochepa amayamba kukolopa ndi kutsuka mbale kuposa anzake popanda womutuma, ngati akubweza ngongole. Komanso njirayi imalanga wolimbikira. Wamakeke akapeza maoda ambiri lendi yake ikwera, chipinda chili chomwecho.

Komatu vuto lija silinachoke. K95,000 pa K200,000 ndi pafupifupi theka la ndalama zake. Chimene tinachita n'kusiya mtengo wa chipinda uli chomwecho, thandizo n'kuliika padera, lotchulidwa dzina lake. Ndinamuuza kuti, "Chipinda chako ndi K95,000, zimenezo sizisintha. Ine ndizikuonjezera K15,000 mpaka miyezi 6, kapena mpaka akulembe ntchito, chimene chiyambe kuchitika." Ndiye iye ankatulutsa K80,000, ine K155,000, namwino K125,000 yake ija osakhudzidwa, chifukwa sikunali koyenera kumukakamiza chifundo chimene ndasankha ine. Kusiyana kwake ndi njira ya malipiro n'kwakuti aliyense ankadziwa kuti lendi ndi iti, mphatso ndi iti, ndipo idzatha liti. Itatha sipanakhale kunyinyirika.

Pali mawu owawa amene ayenera kunenedwa apa. Ngati munthu, ngakhale atatenga chipinda chotsika mtengo, lendi ikumudyerabe theka la ndalama zake ndipo palibe chiyembekezo choti zisintha posachedwa, vuto si kagawidwe. Nyumbayo yamukulira. Kuli bwino alowetse mnzake m'chipindamo agawane, kapena nonse mufune nyumba yotsikirako, kusiyana n'kuti mwezi uliwonse muziyendera pepala kufunafuna masamu amene kulibe.

Magetsi: apa ndiye pamayambira ndewu

Kachitidwe kofala m'nyumba zambiri n'kusinthana: mayunitsi akatha, amene ili nthawi yake agule. Kumaoneka kophweka koma kuli ndi mabowo awiri. Loyamba, anthu sagula ndalama yofanana. Wina aika a K20,000, mnzake ikafika nthawi yake aika a K5,000 n'kunena kuti wagula. Lachiwiri, pa mitengo ya ESCOM ya m'nyumba, mayunitsi 50 oyamba pa mwezi amakhala otsika mtengo kuposa otsatira. Amene amagula pa 1 amapeza mayunitsi ambiri pa ndalama yomweyo kuposa wogula pa 20. Kwathu wogula woyamba nthawi zonse ndinali ine, chifukwa ndinkalandira msanga, ndiye ndinkaoneka wowolowa manja pomwe ndinkangodyerera mtengo wotsikawo. Ngati mukuwerengerana, werengani ndalama zonse zogulira magetsi mwezi wathunthu, osati mayunitsi a munthu mmodzimmodzi.

Kugawa mofanana kumagwira ngati mumaphika limodzi ndipo palibe amene ali ndi chipangizo cholusa. Chofunika kudziwa n'chakuti magetsi amathera pa zinthu zotenthetsa. Anthu amakalipirana chifukwa cha babu loiwalika kubafa kapena foni yogona pa chaja, pomwe babu la mawati 9 likayaka maola 10 silikwanitsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti. Ketulo ya mawati 2,000 ikagwira ntchito theka la ola yadya yuniti yathunthu. Mawati amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo, ndipo masamu ake ndi awa:

```
mawati × maola ÷ 1,000 = mayunitsi
```

Koma pa uvuni, simbi, firiji ndi giza masamuwa amakokomeza, chifukwa zimenezi zimadzizimitsa zikafika pa mlingo wake n'kuyakanso. Mboni yabwino ndi mita yeniyeniyo. Werengani mayunitsi otsala musanayatse chipangizo, mudzawerengenso mukamaliza, nthawi imene m'nyumba mulibe china chachikulu chikuyaka. Ife tinatero Loweruka lina wamakeke ali ndi oda: kuyambira kutenthetsa uvuni mpaka keke yomaliza, mita inatsika ndi mayunitsi 5. Ankaphika masiku 12 pa mwezi. Ndiwo mayunitsi 60 amenewo, a bizinesi ya munthu mmodzi, amene tonse tinkasonkherana.

Mwezi umene tinauwerengera bwinobwino nyumba inadya mayunitsi 300. Kuti masamu aphweke tinene kuti yuniti inkatuluka pa K200, ndiye K60,000 yonse. Inu muike mtengo umene ukuoneka pa risiti yanu. Tinawagawa m'milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zoyaka kaya munthu alipo kaya palibe: firiji, mababu apanja a usiku, kabokosi ka intaneti, TV ya pabalaza. Kuti tiudziwe tinawerenga mita tsiku lina tonse tili kokayenda, n'kuonjezerapo pang'ono za TV, ndipo unakwana mayunitsi 3 pa tsiku, 90 pa mwezi. Amenewa ndi ogawa mofanana, 30 aliyense. Ukapita kumudzi firiji imasungabe nyama yako, ndipo mababu apanja amalonderabe katundu wako.

Mulu wachiwiri ndi wa chipangizo cha munthu mmodzi, mayunitsi 60 a uvuni aja. Amenewa ndi a mwini makeke, ndipo malo ake enieni ndi pa mtengo wa keke.

Otsala 150 ndi a kuphika, kuwiritsa madzi osamba ndi kusita. Amenewa tinawagawa potsata masiku amene munthu wagona m'nyumba. Mwezi umenewo namwino anapita kwawo masiku 10, ndiye ake anali 20. Wamakeke 30. Ine 30, koma mng'ono wanga anabwera ku holide n'kukhala masiku 20, ndiye anga anakwana 50. Onse pamodzi masiku 100, kutanthauza yuniti imodzi ndi theka pa tsiku la munthu mmodzi: ine 75, namwino 30, wamakeke 45.

Kuphatikiza milu yonse, ine mayunitsi 105, K21,000. Namwino 60, K12,000. Wamakeke 135, K27,000. Tikanagawa mofanana aliyense akanapereka K20,000, ndiye namwino akanaluza K8,000 mwezi umodzi wokha. Ketulo ija sankaitsekera chifukwa cha nkhanza, ankangoona kuti penapake pakudontha koma osadziwa kuti ndi pati.

Taonaninso chimene chatuluka apa: wopeza ndalama zochepa ndiye ankadya magetsi ambiri. Tikanati magetsi tigawe potengera malipiro, iye akanalipira K10,000 pa magetsi a K27,000, ndipo akanapitiriza kugulitsa makeke pa mtengo wabodza osadziwa kuti uvuni ukumudyera K1,000 tsiku lililonse lophika. Ataona nambalayo anakweza mitengo yake pang'ono, n'kuyamba kusonkhanitsa maoda kuti uvuni ukatentha kamodzi aphikiremo angapo.

Sindikunena kuti muzichita masamu amenewa mwezi uliwonse. Nyumba si ofesi ya akaunti, ndipo munthu woyenda ndi kope kumbuyo kwa anzake amatopetsa kuposa wakuba mayunitsi. Yezani mwezi umodzi, mupeze magawo, muziwatsata mpaka chinthu chachikulu chitasintha: wina wagula hita mu Juni, wina wabweretsa firiji yakeyake, wina wasiya bizinesi. Ife tinangokhazikitsa kuti wamakeke aziyamba waika K12,000 ya uvuni, yotsalayo tizigawa mofanana, ndipo za masiku tiziwerenga pokhapokha munthu akachoka kapena akasunga mlendo kupitirira sabata.

Palinso njira ya kamita kapadera koika pa chingwe cha chipinda kapena cha boyizikota. Pamene mabanja awiri akugwiritsa ntchito mita imodzi, kameneka kamathetsa milandu yambiri, bola akaike wodziwa za magetsi ndipo eni nyumba avomere. M'nyumba ngati yathu sikakanathandiza, chifukwa magetsi ambiri amathera kukhitchini, osati kuzipinda.

Za alendo

Amati mlendo ndi mame, koma mame ena amafika mpaka masana. Kwathu kuno sungauze mnzako kuti mayi ake alipire madzi osamba, ndipo m'bale wobwera kuchipatala kapena kumaliro sawerengeredwa. Ife tinaika malire pa sabata imodzi: masiku 7 oyamba mlendo ndi wa tonse, kupitirira apo amawerengedwa pa mutu wa womusunga, pa magetsi, madzi ndi gasi. Chibwenzi chimene chimagona masiku anayi pa sabata iliyonse, mswachi wake uli kubafa, chimenecho si mlendo. Ndi munthu wachinayi, ndipo ayenera kulowanso pa theka lija la lendi la malo a tonse. Lamuloli ligwirizanidwe mlendo asanabwere. Mukaliyambitsa munthu ali kale pabalaza, limamveka ngati mukuthamangitsa iyeyo.

Madzi ndi zina zing'onozing'ono

Madzi gawani potsata mitu, basi. Kusamba, kuchapa ndi chimbudzi sizisiyana kwambiri munthu ndi munthu moti n'kuyenera masamu, kupatula ngati wina amatsuka galimoto, amathirira dimba kapena amachapira anthu zovala. Bilu ikakwera mwadzidzidzi musathamangire kulozana zala. Tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala ya pa mita, m'mawa muione musanatsegule mpopi. Ikasuntha ndiye kuti penapake pakutayika madzi, ndipo kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi imene mpira wake watha, madzi n'kumangoyenderera mwakachetechete usana ndi usiku. Kwathu zinatichitikira, tinatha milungu iwiri tikukayikira wamakeke kuti amatsuka mabeseni mowononga, pomwe wolakwa anali chimbudzi cha m'chipinda changa chomwe. Polowa m'nyumba jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi, ndipo funsani ngati pali ngongole yotsala ya amene anatuluka, kuti musayambe ndi kulipira madzi amene anasamba ena.

Mlonda, otaya zinyalala, ndalama ya achitetezo a m'dera ndi intaneti ndi zogawa mofanana, chifukwa mtengo wake susintha kaya mugwiritse ntchito kwambiri kaya pang'ono. Gasi ndi makala zimatsata mphika: ngati mumadya limodzi gawani pa mitu, ngati aliyense amaphika zake kuli bwino aliyense akhale ndi silinda yake kapena thumba lake. DStv alipire oonera. Wobweretsa firiji kapena kuka yake kuti tonse tizigwiritsa ntchito, ife sitinkamuchotsera lendi, koma chikawonongeka tinkakonzetsa tonse.

Ndalama iziyenda bwanji

Kagawidwe kangakhale kabwino, koma ngati munthu mmodzi ndi amene amayamba watulutsa zake n'kumatolera kwa anzake pambuyo, ameneyo wasanduka banki yopanda chiwongoladzanja, ndipo tsiku lina adzaphulika. Ife tinasankha tsiku limodzi, pa 28, loti aliyense akhale ataponya gawo lake la lendi ndi la thumba la mabilu kwa msungi, ndipo usungiwo tinkasinthana miyezi itatu iliyonse. Wotumiza pa foni aziikapo ndi yotapira, apo ayi msungi amangodyeka pang'onopang'ono. Tokeni iliyonse ndi risiti iliyonse inkajambulidwa n'kuponyedwa pa gulu lathu la WhatsApp, ndiye panalibe za "ndinagulatu sabata yatha".

Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi polowa, ena mpaka kalekale. Kwa ife imeneyo inali K1,080,000, ndipo gawo la wamakeke, ngakhale pa mtengo wa K95,000 uja, likanakhala K285,000, ndalama yoposa imene ankapeza pa mwezi. Ngati wopeza bwino wamulipirira mnzake, imeneyo ndi ngongole, ilembedwe ndi masiku obwezera, isasakanikirane ndi thandizo lija. Dipoziti nayo ilembedwe kuti wapereka zingati ndani. Munthu akamatuluka ena akutsala, eni nyumba sabweza dipoziti yapakati, ndiye wolowa m'chipindamo ndi amene amabwezera wotulukayo gawo lake, mutachotsa zimene waononga.

Pomaliza onani dzina limene lili pa pepala la mgwirizano ndi eni nyumba. Kwathu linali langa lokha, kutanthauza kuti wina akanathawa usiku, wofunsidwa K360,000 yonse ndikanakhala ine. Titazindikira tinapempha kuti mayina onse atatu alembedwe, koma eni nyumba anakana, amvekere iwo amafuna munthu mmodzi womuimbira foni. Ndiye tinalemba kapepala kathu, tonse n'kusainira: wofuna kutuluka anene mwezi wathunthu usanakwane, ndipo akachoka mosanena, lendi ya mwezi umenewo idulidwa pa dipoziti yake. Namwino atasamutsidwira ku chipatala cha boma lina anatiuza pa 3, wolowa m'malo mwake anapezeka pa 19, ndipo chipinda cha kuseri chija anachitenga pa mtengo wake womwewo wa K125,000.